Zinthu ziwiri zikamayendera limodzi, kodi china ndicho chayambitsa chinzake? Mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwera kawirikawiri kuchokera kwa alangizi a zaulimi, alangizi a zaumoyo ndi ophunzira amene angoyamba kugwira manambala a kafukufuku. Akuluakulu amati umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga. Vuto la manambala ndi lakuti amakuonetsani dzaye ndi mnyanga wothyoka, koma chatsitsa dzayecho satchula.

Kodi mukati zinthu zikuyendera limodzi mukutanthauza chiyani?

Tikutanthauza kuti mukadziwa chimodzi, mumatha kulosera bwinoko chinzake. Lembani alimi 100 papepala, danga lina matumba a feteleza amene aliyense anathira, danga lina matumba a chimanga amene anakolola. Mukapeza kuti othira wambiri ndi amenenso akolola zambiri, ziwirizo zikuyendera limodzi. Zimathanso kuyendera limodzi mosemphana, china chikukwera pamene chinzake chikutsika.

Owerengera amayeza zimenezi ndi nambala yotchedwa r, imene imakhala pakati pa -1 ndi +1. Mu Excel imapezeka polemba `=CORREL(A2:A101,B2:B101)`. Ikayandikira +1 ndiye kuti ziwirizo zimakwera pamodzi, ikayandikira -1 zimasemphana, ikakhala pafupi ndi 0 palibe mzere woongoka umene ukuzilumikiza. Koma onani ichi: mukasinthanitsa madanga awiriwo, zokolola n'kupita ku A, feteleza ku B, yankho limatuluka lomwelo. Nambalayi siidziwa chimene chinayamba ndi chimene chinatsatira.

Nanga kunena kuti chinthu chayambitsa chinzake kumasiyana bwanji ndi zimenezi?

Choyambitsa timachidziwa ndi funso lakuti: kukanakhala kuti tinasintha chinthu chimodzi chokhachi, zina zonse n'kuzisiya momwe zinalili, kodi zotsatira zikanasintha? Munda womwewo, mvula yomweyo, mlimi yemweyo, mbewu yomweyo, kungochotsapo feteleza yekha. Palibe amene angalime munda umodzi kawiri m'chaka chimodzi, n'chifukwa chake timayerekeza ndi munda wa wina. Zolakwa pafupifupi zonse zimalowera pamenepa, chifukwa munda wa winayo umasiyana ndi woyambawo m'zinthu zambiri, osati feteleza yekha.

Anthu amati kudya dowe kumabweretsa malungo, ndipo malungo amachulukadi nthawi ya dowe. Akulakwitsa pati?

Pa zimene aona sakulakwitsa. Chimanga chachiwisi chimadyedwa mu February ndi March, ndipo miyezi imeneyi kaundula wa kuchipatala amadzazadi ndi odwala malungo. Mutajambula girafu ya miyezi khumi ndi iwiri, mizere iwiriyo ingakwerere limodzi bwinobwino.

Chakweza mizere yonseyo ndi mvula. Mvula imakulitsa chimanga, ndipo mvula yomweyo imasiya madzi m'zithaphwi, m'mapazi a ng'ombe ndi m'maenje oumbira njerwa, mmene udzudzu wa anofelesi umaikira mazira. Kukamatentha, dzira limasanduka udzudzu wouluka pa masabata ngati awiri. Udzudzuwo ukaluma munthu wodwala, tizilombo timafuna masiku khumi kapena kuposerapo kuti tikhwime m'thupi mwake, ndipo ukaluma munthu wina pamadutsanso sabata imodzi kapena ziwiri asanayambe kutentha thupi. Kuchedwa konseku kumachititsa kuti malungo afike pachimake mvula itakhazikika kale, nthawi yomwe chimanga nacho chakhwima kofika pootcha. Ichi ndicho timachitcha chinthu chachitatu: chimene chimakoka ziwiri zija nthawi imodzi, chokha chili kuseri.

Si ife tokha tinasokonezekapo. Dzina limene azungu amatchulira malungo linachokera ku mawu a Chitaliyana otanthauza mpweya woipa, chifukwa ankaona kuti okhala pafupi ndi madambo onunkha ndiwo ankadwala. Dambo linalidi ndi mlandu, koma osati chifukwa cha fungo. Ronald Ross ndiye anapeza tizilombo ta malungo m'mimba mwa udzudzu ku India mu 1897.

Njira yoyesera ndi yosavuta: funsani kumene ziwirizo zimalekana. Dowe wa kudimba amadyedwa mu September ndi October, koma malungo sakwera naye.

Za kumera mano ndi kutsekula m'mimba kwa ana nazo n'chimodzimodzi?

Inde. Mano oyamba amatuluka mwana ali ndi miyezi isanu ndi umodzi kapena chapompo. Pa msinkhu womwewo amayamba phala, amamwa madzi, amayamba kukwawa ndi kuika m'kamwa chilichonse chimene watola pansi, ndipo chitetezo chimene anabadwa nacho kuchokera kwa mayi chimakhala chikutha. Chinthu chachitatu apa ndi msinkhu. Kuopsa kwa cholakwachi n'kwakuti kholo likati "ndi mano chabe" limachedwa kupereka thanzi ORS ndi kupita kuchipatala, mwana akutha madzi m'thupi.

Kodi chinthu chachitatucho chingasokoneze mpaka kutembenuza yankho?

Chingatero, ndipo apa tikhalitsapo chifukwa ndi pamene malipoti ambiri amagwera. Manambala otsatirawa ndi ongopangira phunziroli, sanachokere m'kafukufuku aliyense.

Tinene kuti mlangizi walemba minda 200 ya ekala imodzi imodzi. Minda 100 inathiridwa manyowa, 100 inayo ayi. Atawerengera, wapeza kuti yothira manyowa yatulutsa matumba 12 pa avereji, yosathira yatulutsa matumba 15. Akangoima pomwepa alemba kuti manyowa amachepetsa zokolola ndi matumba atatu, mwina n'kuwonjezera maganizo akuti amabweretsa udzu kapena chiswe.

Tsopano agawe mindayo malinga ndi nthaka. Pa nthaka yoguga pali minda 100. Mwa imeneyi, 80 inathiridwa manyowa ndipo inatulutsa matumba 10 pa avereji. 20 yosathira inatulutsa matumba 7. Pa nthaka yachonde palinso minda 100, koma yothiridwa manyowa ndi 20 yokha, imene inatulutsa matumba 20. Yosathira ndi 80, ndipo inatulutsa matumba 17.

Pa nthaka yoguga manyowa awonjezera matumba atatu. Pa yachonde awonjezeranso atatu. Nanga 12 ndi 15 uja wachokera kuti? Werengani nokha. Othira manyowa: 80 kuchulukitsa ndi 10 ndi 800, 20 kuchulukitsa ndi 20 ndi 400, pamodzi 1,200, kugawa ndi minda 100 ndi 12. Osathira: 20 kuchulukitsa ndi 7 ndi 140, 80 kuchulukitsa ndi 17 ndi 1,360, pamodzi 1,500, kugawa ndi 100 ndi 15. Palibe samu imene yalakwika. Chachitika n'chakuti mlimi satuta manyowa ndi ngolo kupita nawo kumene chimanga chikuchita kale bwino. Amawapititsa kumene nthaka yatopa, kumene kwamera kaufiti. Gulu la manyowa ladzaza ndi minda yoguga, ndiye poyerekeza magulu awiriwo mlangizi amayerekeza nthaka, iye akuganiza kuti akuyerekeza manyowa. Owerengera amatcha kutembenuka kotereku ndi dzina la Edward Simpson, amene anakufotokoza mu 1951.

Pa feteleza wa m'sitolo chinthu chachitatu chimakokera mbali inayo. Amene amakwanitsa kugula thumba la NPK ndi la yureya ndi yemwenso amagula mbewu ya haibulidi, amadzala ndi mvula yoyamba, ndipo amapalira pa nthawi yake chifukwa ali ndi ndalama yolipira aganyu. Mnzake wopanda feteleza ndi amene akukagwira ganyuyo, munda wake uli m'tchire. Feteleza amagwiradi ntchito, palibe akukana, koma kusiyana konse kwa zokolola za awiriwa mukakupatsa feteleza yekha, mwamukweza mopitirira.

Kodi zimatheka kuti chimene tikuchiyesa choyambitsa ndicho chotsatira?

Zimachitika kwambiri pa mankhwala. Yendani m'minda nthawi ya ntchembere zandonda ndipo mulembe minda imene yapoperedwa ndi kuchuluka kwa masamba obooka. Mungapeze kuti minda yopoperedwa ndiyo yoonongeka kwambiri. Mankhwala sanaitane mbozi. Mlimi anagula mankhwala ataona mbozi. Kusikelo nakonso, ana amene akulandira chiponde ndi owonda kuposa anzawo, chifukwa kuwondako ndiko kunawalowetsa m'ndondomekoyo. Ndipo chipatala chachikulu chikamataya odwala ambiri kuposa chaching'ono chakumudzi, kumbukirani kuti chaching'onocho chimatumiza odwalitsitsa ake onse kwa chachikulucho.

Mankhwala a cholakwachi ndi tsiku. Lembani kuti munda unali bwanji usanapoperedwe, mwana ankalemera bwanji asanayambe chiponde. Kafukufuku wa tsiku limodzi, wofunsa zonse nthawi imodzi, sangalekanitse choyamba ndi chotsatira.

Tinalowa ndi thandizo m'midzi imene inakolola zochepa kwambiri, ndipo chaka chotsatira zokolola zinakwera. Umenewu si umboni?

Paokha ayi. Mudzi umene uli pansi penipeni chaka chino unafika pamenepo pa zifukwa za mitundu iwiri: zina zokhalitsa monga nthaka, zina za chaka chimenecho chokha monga ng'amba ya mu January kapena madzi osefukira. Tsoka la chaka chimodzi silibwereza kawirikawiri pamalo omwewo, choncho chaka chotsatira midzi yotereyi imakwera kubwerera kufupi ndi pomwe imakhala nthawi zonse, kaya mwachitapo kanthu kaya ayi. Chimodzimodzi munthu wa chimfine: amafuna mankhwala tsiku limene chamupweteka kwambiri, ndipo chilichonse chimene amwe tsiku limenelo chimatenga ulemu wa kuchira kumene kumabwera kale. Kuti mudziwe gawo lanu, mukufunika midzi ina imene inali pansi mofanana koma simunalowemo.

Nanga nkhani ya makuponi a feteleza? Chimanga chinachulukadi ndondomeko itayamba.

Chinachulukadi. Mu 2005 Malawi inakolola chimanga pafupifupi matani 1.2 miliyoni, ndipo boma litayamba ndondomeko ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo m'nyengo ya 2005/06, ziwerengero za boma zinaonetsa zokolola zoposa kuwirikiza kawiri. Koma nyengo ya 2004/05 inali ya chilala, pamene zotsatira zake mvula inagwa bwino. Zinthu ziwiri zinasintha nthawi imodzi, ndipo chaka choyerekezera chinali choipa mwapadera. Kuyerekeza zaka ziwirizo sikungakuuzeni kuti matani angati ndi a feteleza, angati ndi a mvula. N'chifukwa chake ofufuza anatembenukira ku manambala a mabanja, kutsatira mabanja omwewo zaka zingapo, olandira makuponi ndi osalandira. Nakonso kuli msampha wake: makuponi sankagawidwa mwa maere, ndipo amene ankawalandira ankasiyana ndi anzawo kuyambira pachiyambi.

Kodi kuyendera limodzi kungangochitika mwangozi?

Inde, makamaka mukafufuza zinthu zambiri nthawi imodzi. Owerengera amayeza ngozi yotereyi ndi nambala yotchedwa p, ndipo muyezo wodziwika wa `p < 0.05` umalola kuti pamene palibe mgwirizano uliwonse, kamodzi pa maulendo 20 manambala aoneke ngati ulipo. Mukayesa zakudya 20 zosiyanasiyana pa nthenda imodzi, zonse zosalakwa, mwayi woti chimodzi kapena zingapo zioneke zolakwa ndi pafupifupi 64 pa 100. Choncho mukamawerenga lipoti funsani kuti anayesa zinthu zingati asanapeze chimene akulengezacho. Ndipo p yaing'ono imangonena kuti mwina si ngozi. Za chinthu chachitatu siinenapo kanthu. Manyowa aja, pa minda 20,000 m'malo mwa 200, akanaonekabe olakwa, ndi p yaing'ono kwambiri.

Ndiye choyambitsa chenicheni timachipeza bwanji?

Njira yodalirika kuposa zonse ndi maere. Wofufuza asasankhe, mlimi asasankhe, wodwala asasankhe; ndalama yachitsulo kapena kompyuta ndiyo inene amene alandire chinthucho. Ndalama siidziwa nthaka yoguga kapena banja lolemera, choncho zinthu zachitatu zonse, zodziwika ndi zosadziwika, zimagawikana mbali zonse ziwiri. Njirayi inakhwimira kumunda: Ronald Fisher anaikonza ali pamalo ofufuzira zaulimi a Rothamsted ku England m'zaka za m'ma 1920, ndipo achipatala anaitengera pambuyo pake.

Nkhani ziwiri zikuonetsa chifukwa chake maere ndi ofunika. Ofufuza ankaona kuti anthu odya masamba ndi zipatso zambiri, amene magazi awo ali ndi beta-karotini wambiri, chinthu chopezeka m'zakudya zimenezi chimene thupi limasandutsa vitamini A, sadwala kawirikawiri khansa ya m'mapapo. Ku Finland anatenga amuna osuta fodya pafupifupi 29,000, ena n'kuwapatsa mapiritsi a beta-karotini mwa maere. Zotsatira zinatuluka mu 1994: omwa mapiritsiwo anadwala khansa ya m'mapapo mochuluka ndi 18 pa 100 kuposa osamwa. Kuyendera limodzi kuja kunali koona, koma piritsilo silinali chifukwa chake.

Inayo inathera kwina. Kwa zaka zambiri kunkaoneka kuti amuna odulidwa satenga HIV kawirikawiri, koma okayikira anali ndi mfundo: mdulidwe umayendera limodzi ndi chipembedzo, mtundu, dera ndiponso kumwa kapena kusamwa mowa. Kafukufuku wa maere anachitika ku Orange Farm ku South Africa, ku Kisumu ku Kenya ndi ku Rakai ku Uganda. Amuna ovomera anagawidwa, ena kudulidwa nthawi yomweyo, ena kudikira. Zotsatira za 2005 ndi 2007 zinaonetsa kuti mwayi woti mwamuna atenge kachilomboka kwa mkazi unatsika ndi 50 mpaka 60 pa 100, ndipo mu 2007 bungwe la WHO linavomereza mdulidwe wa kuchipatala ngati njira imodzi yodzitetezera. Maere asanachitike, nkhani ziwirizi zinkaoneka zofanana mphamvu.

Kodi mlangizi kapena kalabu ya alimi ingachite kafukufuku wa maere popanda zipangizo zambiri?

Ingathe, ndi chingwe, sikelo ndi ndalama yachitsulo. Tinene kuti mukuyesa manyowa a kompositi.

Dulani ndime ziwiriziwiri zoyandikana, iliyonse ya mizere 6 yotalika mamita 10, mizere yotalikirana masentimita 75. Ndime ziwiri za gulu limodzi zikhale pa nthaka yofanana ndi potsetsereka pofanana. Musalole kuti ina igunde chulu, pansi pa mtengo wa nsangu kapena pamene panali khola, chifukwa pamenepo chimanga chimachita bwino pachokha. Pa gulu lililonse ponyani ndalama kuti mudziwe ndime yolandira manyowa, ndipo lembani musanathire. Zina zonse zifanane: mbewu imodzi, tsiku lodzala limodzi, mapando otalikirana mofanana, kupalira ndi kubandira tsiku limodzi.

Pokolola siyani mzere wa m'mphepete mbali zonse ndi mita imodzi kumapeto konse, chifukwa mizu ya m'malire imadya za ndime yoyandikana. Mutsala ndi mizere 4 ya mamita 8, amene ndi masikweya mita 24. Tongolani, yanikani chimanga cha ndime zonse mpaka chiume mofanana, kenako yezani. Makilogalamu 6 pa malo amenewa ndi makilogalamu 2,500 pa hekitala, kapena matumba pafupifupi 20 a makilogalamu 50 pa ekala. Mukayeza china chouma china chachinyezi, mukhala mukuyeza madzi.

Gulu limodzi silikwana. Manyowa atakhala opanda ntchito, ndime yake ingapambanebe theka la maulendo. Kupambana m'magulu onse anayi mwangozi ndi kamodzi pa 16, m'magulu onse asanu ndi limodzi ndi kamodzi pa 64. N'chifukwa chake munda wachitsanzo wa m'mbali mwa msewu, wa ndime imodzi yosamalidwa ndi mlangizi pafupi ndi ina yosiyidwa, ndi wabwino pophunzitsira koma si umboni. Chimene chimaononga kafukufuku wotere kawirikawiri ndi chifundo: mwini munda amaona ndime yosathira ikuchita chikasu, n'kuithira kayureya pang'ono osauza munthu. Gwirizanani za zimenezi poyamba.

Nanga pamene maere sangatheke? Simungauze anthu kuti asute fodya.

Zoona, ndipo apa mawu akuti kuyendera limodzi si umboni amagwiritsidwa ntchito molakwa. Makampani a fodya anabisala kuseri kwa mawu amenewa zaka zambiri. Umboni umamangidwa kuchokera mbali zingapo. Richard Doll ndi Austin Bradford Hill anaonetsa mu 1950 kuti odwala khansa ya m'mapapo m'zipatala za ku London anali osuta mochuluka kuposa odwala ena, kenako anatsatira madokotala a ku Britain kwa zaka zambiri, kusuta kutalembedwa nthenda isanabwere. Kusiyana kunali kwakukulu, osuta kudwala kuwirikiza kakhumi kapena kuposerapo. Osuta ndudu zambiri ankadwala kuposa osuta zochepa. Osiya kusuta ngozi yawo inkatsika. Maiko ena anapeza zomwezo, ndipo mu utsi munapezeka zinthu zoyambitsa khansa. Kuti chinthu chachitatu chifotokoze zonsezi, chikanayenera kukhala champhamvu kuposa fodyayo ndi kumatsatira ndudu iliyonse.

Nthawi zina moyo umaponya maere wokha. Pa mliri wa kolera wa 1854 ku London, John Snow anapeza dera limene makampani awiri ankapereka madzi m'misewu imodzimodzi, nyumba iyi kampani ina, yoyandikana nayo kampani ina, anthu ambiri osadziwa n'komwe kuti madzi awo ndi a yani. Kampani ya Lambeth inali itasamutsira potungira pake kumtunda kwa mtsinje wa Thames, pamene ya Southwark ndi Vauxhall inkatungabe m'kati mwa mzinda momwe munkathirikira zonyansa. Pa nyumba 10,000 zilizonse, omwalira anali 315 kwa omwa madzi a Southwark ndi Vauxhall, ndi 37 kwa omwa a Lambeth. Mpweya unali umodzi, umphawi wofanana, chosiyana madzi okha.

Lipoti likati "taganizira kale zinthu zina monga msinkhu ndi chuma", ndiye kuti vuto latha?

Lachepa, silinathe. Kuganizirako ndi kuja tinachita pogawa minda ya manyowa malinga ndi nthaka, kungoti kompyuta imagawa ndi zinthu zambiri nthawi imodzi. Imatha kugawa ndi zimene zinalembedwa zokha. Ngati palibe anafunsa tsiku lodzala, tsiku lodzala likusokonezabe. Ngati nthaka inalembedwa mwachisawawa, kungofunsa mlimi kuti "yabwino kapena yoipa", gawo la kusokonezako latsalabe m'kati.

Palinso cholakwa cha mbali inayo, kuganizira chinthu chimene chili panjira. Feteleza amachulukitsa zokolola pokulitsa zisononkho. Mukayerekeza minda ya zisononkho zofanana kukula, mupeza ngati feteleza sachita kanthu, chifukwa mwatseka njira imene amadutsamo. Musanayambe kuwerengera, jambulani papepala zinthu zonse ndi mivi yoonetsa chimene chimakhudza chinzake. Gawani ndi zokhazo zimene zinalipo feteleza asanathiridwe ndipo zimakhudza mbali zonse ziwiri, monga nthaka, chuma cha banja ndi mvula ya deralo. Zimene zinabwera atathira kale, monga kutalika kwa mapesi ndi kukula kwa zisononkho, zisiyeni.